Kalembedwe ka kalata yopempha kutsatsa malonda a shopu pa masamba a mchezo kwa miyezi itatu

Mwini shopu akalandira kalata yochokera kwa munthu wofuna kumutsatsira malonda pa Facebook ndi pa WhatsApp, amaiwerenga ndi funso limodzi mumtima, loti kodi ndalama imene akupemphedwa kutulutsa idzabwerera m'thumba la shopu kapena idzangopita. Makalata ambiri amene ife otsatsa malonda odziyimira patokha timalemba sayankha funso limeneli, chifukwa timawadzaza ndi mbiri yathu ndiponso malonjezo a kuchuluka kwa anthu otsatira tsamba, pamene mwini shopu amayeza zinthu ndi katundu wotuluka pa kaunta. Malangizo awa akutsata kalata imodzi kuchokera pokonzekera mpaka poipereka. Ndatenga chitsanzo cha shopu ya zitenje ya kufupi ndi msewu wa Malangalanga ku Lilongwe, imene mwini wake ndi mayi wachikulire wokhala ndi mtsikana mmodzi womuthandiza kugulitsa. Ndalama zonse zimene nditchule ndi zongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, ndipo inu mudzaikapo zanu.

Choyamba, fikani kushopu musanalembe chilichonse

Kalata yolembedwa munthu asanaponde m'shopu imadziwika msanga, popeza imakamba zinthu zimene zingauzidwe kwa wogulitsa nsapato, simenti kapena mankhwala a tsitsi popanda kusintha liwu. Pitani kawiri, tsiku lina m'kati mwa sabata m'mawa pamene kuli phee, tsiku lina Loweruka pamene anthu achuluka. Ulendo wa Loweruka ndi wongoona: onani amene akugula, ngati ndi amayi ogula chitenje chimodzi, matelala ogula nsalu yosokera, kapena akomiti ya ukwati ndi chinkhoswe ofuna nsalu yofanana ya anthu makumi angapo. Ulendo wa m'kati mwa sabata ndi wopempha mphindi zochepa kuti mucheze ndi mwini wake.

Pa kucheza kumeneko pali zinthu zinayi zimene kalata yanu singaime popanda izo. Muyenera kudziwa phindu limene limatsala pa chitenje chimodzi akachotsa mtengo woodera, kuchuluka kwa zitenje zimene zimatuluka pa sabata wamba, nthawi imene katundu watsopano amafika, komanso munthu amene amasunga foni ya shopu. Funso la phindu ndi lovuta kufunsa, ndipo amalonda ambiri saulula za m'thumba kwa mlendo. Musaumirize. Nenani kuti mukufuna nambala yapafupi chabe kuti muwerengere ngati ntchito yanu ingawapindulire, ndipo akakana, mudzalemba nambala yanu yoyerekeza m'kalata ndi kuwapempha kuti aikonze okha. Funso la foni limaoneka laling'ono koma ndi limene limagwetsa ntchito zambiri, chifukwa ngati foni imapita kunyumba ndi mayi kapena imakhala m'chikwama tsiku lonse, mauthenga a ogula adzakhala osayankhidwa, ndipo ndalama yotsatsira idzakhala itatayika ngakhale zithunzi zikhale zokongola chotani.

Fufuzaninso ngati shopuyo ili kale ndi tsamba pa Facebook. Kawirikawiri limakhalapo, lotsegulidwa ndi mwana kapena mdzukulu zaka zapitazo, ndipo mwini shopu sadziwa kulowamo. Zikakhala choncho, ntchito yobweza tsambalo m'manja mwa mayi kapena yotsegula lina iyenera kulembedwa m'kalata monga gawo la mwezi woyamba.

Chachiwiri, sankhani miyezi itatuyo ndi chifukwa

Miyezi itatu imakwanira chifukwa ntchitoyi ili ndi magawo atatu amene sangachitike pamodzi, ndiwo kukonza, kuyesa ndi kukolola. Koma si miyezi itatu iliyonse imene ingathandize. Yang'anani nyengo imene katundu wa shopuyo amafunidwa kwambiri, ndipo muwerengere chobwerera kuti nyengoyo igwere m'mwezi wachitatu. Kwa wogulitsa zitenje m'Malawi, Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala ndi nthawi imene anthu ambiri amagulira amayi awo nsalu, ndipo miyezi ya chilimwe imakhalanso ndi maukwati ndi zinkhoswe. Choncho kalata yathu ikupempha Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, ndipo iyenera kufika m'manja mwa mayi pakati pa Julayi kuti akhale ndi nthawi yoganiza. Shopu ikanakhala ya yunifolomu ndi nsapato za sukulu, mukanayamba msanga kuti mwezi wachitatu ukumane ndi kutsegulira kwa chaka cha sukulu mu Seputembala.

Chachitatu, chitani masamu inu nokha musanawaonetse wina

Tiyerekeze kuti mukufuna K120,000 pa mwezi monga malipiro a ntchito yanu, zimene zikupanga K360,000 pa miyezi itatu. Tiyerekezenso kuti mukupempha K40,000 yolipira Facebook mu Seputembala ndi K80,000 mu Okutobala, pamodzi K120,000. Mayi atulutsa K480,000. Ngati phindu pa chitenje chimodzi ndi K3,000, shopuyo iyenera kugulitsa zitenje 160 zoonjezera pa zimene imagulitsa kale kuti ndalamayo ingobwerera. Popeza mwezi woyamba ndi wokonza ndipo subweretsa malonda ambiri, zitenje 160 zimenezi ziyenera kutuluka m'masabata pafupifupi asanu ndi anayi a Seputembala ndi Okutobala, kutanthauza zitenje 18 zoonjezera pa sabata.

Tsopano yerekezani nambala imeneyi ndi zimene munamva kushopu. Ngati shopuyo imagulitsa zitenje 90 pa sabata, kuonjezera 18 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo ndi chinthu chotheka pa nyengo ya Anakubala, makamaka ngati mutapeza makomiti awiri kapena atatu a ukwati ogula nsalu yochuluka nthawi imodzi. Koma ngati imagulitsa 25 pa sabata, mukupempha kuti malonda akwere ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi, ndipo apa chilungamo chikufuna kuti muchepetse mtengo wanu pochepetsa ntchito, kapena musalembe kalatayo. Ine ndinalembapo kalata yotere osachita masamu amenewa, mwini shopu anavomera, ndipo pa mapeto a mwezi wachiwiri tonse tinaona kuti shopu yake inali yaing'ono moti sikanatha kubweza malipiro anga ngakhale ntchito inkayenda. Tinasiyana mwamtendere, koma ndalama yake inapita, ndipo cholakwa chinali changa chifukwa ndine amene ndinayenera kuwerengera.

Chachinayi, mutu wa kalata ndi ndime yoyamba

Kalatayi ndi ya ntchito, choncho itsate maonekedwe ake: keyala yanu ndi nambala ya foni pamwamba kudzanja lamanja, tsiku pansi pake, keyala ya shopu kudzanja lamanzere, kenako malonje akuti "Mayi," kapena "Bambo," ndi mutu wolembedwa momveka. Mutu utchule ntchito ndi nthawi yake, monga "Pempho lotsatsa zitenje za shopu yanu pa Facebook ndi pa WhatsApp kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala". Lembani m'chilankhulo chimene munachezera ndi mwini shopu. Ngati munacheza m'Chichewa, kalata ya Chingerezi idzapita kwa mwana wake kuti aimasulire, ndipo mudzakhala mukukambirana ndi munthu amene si mwini ndalama.

Ndime yoyamba ikambe za shopu, osati za inu. Ikumbutse mayi za kucheza kwanu, itchule chinthu chimodzi chenicheni chimene munaona, ndipo inene pempho lanu mosazungulira. Ikhoza kumveka motere:

"Mayi, ndikuthokoza chifukwa cha nthawi imene munandipatsa Lachiwiri lapitali. Ndinaona kuti katundu watsopano amafika pa masabata awiri alionse, koma amene amadziwa kuti wafika ndi okhawo odutsa pakhomo pa shopu, pamene makasitomala anu akale a ku Area 25 ndi ku Likuni amamva mochedwa mitundu yabwino itatha. Ndikupempha kuti mundipatse miyezi itatu, kuyambira pa 1 Ogasiti mpaka pa 31 Okutobala, kuti ndizionetsa katundu wanu kwa anthu amenewa ndi ena onga iwo kudzera pa WhatsApp ndi pa Facebook, cholinga chathu chachikulu chikhale malonda a Tsiku la Anakubala."

Za inu mwini zikwane m'ziganizo ziwiri pambuyo pake, zonena ntchito yofanana nayo imene munagwirapo ndiponso munthu amene mayi angamufunse za inu, mutayamba mwapempha chilolezo kwa munthuyo. Ngati simunagwirepo ntchito yotere, nenani zoona ndi kuphatikiza zithunzi zitatu za zitenje zawo zimene munajambula tsiku locheza. Zithunzi zimenezi zimalankhula bwino kuposa mndandanda wa masatifiketi.

Chachisanu, ndondomeko ya mwezi ndi mwezi

Apa ndi pamene pali mtima wa kalata, ndipo lamulo lake ndi lakuti chilichonse chimene mukulonjeza chikhale choti mayi angathe kuchiwerenga ndi zala kapena kuchiona ndi maso. Mawu akuti "ndidzakweza dzina la shopu yanu" sangatsimikizike, pamene mawu akuti "ndidzabwera kudzajambula Lolemba lililonse" amatsimikizika Lolemba likafika.

Musalonjezenso masamba ambiri. Kwa shopu yotere, WhatsApp ndi Facebook n'zokwanira, chifukwa Facebook imabweretsa anthu atsopano ndipo WhatsApp ndi kumene malonda amamalizikira. TikTok ndi Instagram zikhoza kudikira mpaka mutaona kuti foni ya shopu ikutha kuyankha anthu amene alipo kale.

Mwezi woyamba ndi wokonza, ndipo kalata inene poyera kuti mayi asayembekeze kusintha kwakukulu kwa malonda mu Ogasiti. Ntchito za mweziwu ndi kusamutsa nambala ya shopu kupita pa WhatsApp Business, kulembamo malo a shopu ndi maola otsegulira, kuika zitenje ndi mitengo yake mu Catalog, amene ndi malo oonetserapo katundu pa WhatsApp Business, ndi kukonza uthenga wolonjera ndi mayankho achidule a mafunso obwerezabwereza, monga mtengo, kutalika kwa nsalu ndi katumizidwe. Catalog imalola katundu wofika 500, koma musalonjeze kuikamo zonse za m'shopu, chifukwa chitenje chikatha ndipo chithunzi chake chikadali pomwepo, wogula amakhumudwa. Yambani ndi mitundu makumi atatu imene ilipo yambiri. Ntchito ina ya mwezi woyamba, imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndi kupempha wogula aliyense wofika pa kaunta kuti asunge nambala ya shopu m'foni mwake ndiponso kuti shopu isunge yake. Chifukwa chake n'chakuti Status imaoneka kwa anthu okhawo amene mwasungirana nawo manambala, ndipo uthenga wa Broadcast, wotumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi, umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Shopu imene ili ndi manambala makumi awiri ikhoza kuika zithunzi tsiku lililonse popanda woziona. M'kalata mukhoza kulemba kuti:

"Mu Ogasiti ndidzakonza WhatsApp Business ndi tsamba la Facebook la shopu, ndidzajambula mitundu makumi atatu ya zitenje, ndipo ndidzaphunzitsa mtsikana wanu kayankhidwe ka mauthenga masana awiri. Tidzaika kapepala pa kaunta kopempha ogula kusunga nambala ya shopu. Mwezi umenewu sitidzalipira Facebook kalikonse, ndipo ndikupemphani kuti musauyeze ndi malonda koma ndi ntchito zimenezi ngati zachitika."

Mwezi wachiwiri ndi woyesa. Nenani kuchuluka kwa zimene muziika, mwachitsanzo zithunzi zitatu pa Status tsiku lililonse la malonda, popeza Status imafufutika pakatha maola 24, ndi mauthenga anayi pa sabata pa tsamba la Facebook, umodzi mwa iwo ukhale kanema wamfupi wa katundu watsopano akumasulidwa. Ndalama yolipira Facebook igawidwe pa mauthenga awiri osiyana kuti muone umene ukukoka ogula, wina wolunjika kwa munthu wofuna chitenje chimodzi, wina kwa akomiti ofuna nsalu yofanana. Onse aonetsedwe kwa anthu a mu Lilongwe okha, chifukwa kulipira kuti munthu wa ku Karonga aone chitenje chimene shopu ilibe njira yomutumizira ndi kutaya ndalama. Ngati mayi ali wokonzeka kutumiza katundu pa basi kapena pa njinga ya kabaza, kalata inene amene adzalipira mtengo wotumizira, ndiponso kuti katundu adzanyamuka ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba ya shopu.

Kuti mudziwe amene abwera chifukwa cha ntchito yanu, uthenga uliwonse wa pa Facebook ukhale ndi ulalo wotsegula WhatsApp ya shopu uli kale ndi mawu oyambira. Nambala imalembedwa kuyambira ndi 265, popanda chizindikiro chophatikiza ndiponso popanda ziro woyamba:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndaona%20chitenje%20pa%20Facebook
```

Munthu akadina ulalowu, uthenga wake umayamba ndi mawu akuti "Ndaona chitenje pa Facebook", ndipo pa mapeto a sabata mukhoza kuwerenga mauthenga otere m'foni ya shopu. Simuyenera kulemba ulalowu m'kalata, koma fotokozani m'chiganizo chimodzi kuti njira yowerengera ilipo.

Mwezi wachitatu ndi wokolola, ndipo ndalama yotsatsira yochuluka ipite pa uthenga umene unachita bwino mu Seputembala. Kutsatsa kwa Anakubala kuyambe kumapeto kwa Seputembala pamene anthu apantchito alandira malipiro, ndipo kufike pachimake m'masiku khumi omaliza tsikulo lisanafike. Musadikire mpaka pa 14 Okutobala kuti muike uthenga wolipira, chifukwa Facebook imayamba yaunika uthengawo isanauonetse, ndipo kuunikako kumatha kutenga tsiku. Kalata ichenjeze mayi kuti aode katundu wokwanira Seputembala asanathe, popeza kutsatsa nsalu imene yatha kumangothamangitsira ogula kushopu yoyandikana nayo. Masabata awiri otsala pambuyo pa 15 Okutobala ndi ogulitsa zotsala, owerengera zonse, ndi ophunzitsa mtsikana wa pashopu kuti apitirize yekha ngati mgwirizano sudzapitirira.

Chachisanu ndi chimodzi, ndime ya ndalama

Lekanitsani malipiro anu ndi ndalama yolipira Facebook, ndipo chilichonse chikhale ndi chiganizo chake. Mukaziphatikiza, mayi sadzadziwa imene yapita kwa inu ndi imene yatsatsa malonda, ndipo kukayikirana kumayambira pamenepo. Ndalama ya Facebook imatuluka mu ndalama yakunja, kawirikawiri madola, kudzera pa khadi la kubanki, ndipo khadi limene likugwira ntchito m'dziko muno si nthawi zonse limaloledwa kulipira kunja. Yesani khadi limene mudzagwiritse ntchito musanalembe lonjezo. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, kotero amene analonjeza kutsatsa kwa madola angapo pa mtengo wokhazikika wa makwacha anaonjezera za m'thumba mwawo. Njira yotetezeka ndi kulemba malire m'makwacha, kunena kuti kutsatsa kudzaima ndalamayo ikatha, ndi kulonjeza lisiti.

"Malipiro anga ndi K120,000 pa mwezi, theka kumayambiriro kwa mwezi ndi theka ndikapereka lipoti kumapeto kwake. Mtengo umenewu ukuphatikiza kujambula, bandulo yanga ya intaneti ndi mayendedwe anga. Ndalama yolipira Facebook ndi yapadera, K40,000 mu Seputembala ndi K80,000 mu Okutobala, ndipo sindidzapitirira malire amenewa popanda chilolezo chanu. Lisiti lililonse ndidzakuonetsani, ndipo ndalama yotsala idzabwerera kwa inu. Pamodzi ndi K480,000. Ngati phindu lanu pa chitenje lili pafupi ndi K3,000, ndalamayi ibwerera tikagulitsa zitenje 160 zoonjezera, ndipo ngati nambala ya phinduyi ndalakwitsa, ndikupemphani kuti muikonze tiwerengere limodzi."

Otsatsa ena amaopa kulemba chiganizo chomalizachi poganiza kuti chithawitsa mwini shopu. Ine ndimaona kuti mayi wa bizinesi adzachita masamu amenewa ndithu, kaya mulembe kaya musalembe, ndipo ndi bwino awachite pamodzi ndi inu kusiyana ndi kuwachita yekha usiku n'kukana osakuuzani chifukwa.

Chachisanu ndi chiwiri, udindo wa mwini shopu ndi umwini wa tsamba

Ntchitoyi ili ndi mbali imene inu simungagwire, ndipo kalata iyenera kuitchula mwaulemu koma momveka. Mayi avomere kuti foni ya shopu izikhala pa kaunta ili ndi moto ndi bandulo, kuti mauthenga aziyankhidwa pasanathe ola limodzi nthawi ya malonda, kuti adzakuuzani mtengo ukasintha kapena mtundu wina ukatha, ndi kuti adzakupatsani ola limodzi pa sabata lojambulira. Nenaninso zimene simudzachita. Simudzalandira ndalama za ogula, simudzatsitsa mtengo popanda kufunsa, ndipo simudzakhala woyankha mauthenga a usiku.

Za umwini zilembedwe mosabisa, chifukwa eni mashopu ambiri amaopa kuti wotsatsa akachoka adzapita ndi tsamba. Tsamba la Facebook likhale pa akaunti ya mayi, iwo akhale ndi ulamuliro wonse, ndipo inu akuonjezereni kudzera pa Page access kuti muzigwira ntchito ndi akaunti yanu. Musapemphe mawu awo achinsinsi olowera, ndipo lembani m'kalata kuti simudzawapempha. Nambala ya WhatsApp ikhale ya shopu, yolembetsedwa m'dzina la mwini wake. Zithunzi zonse zimene mwajambula zikhale za shopu mukalipidwa. Manambala a makasitomala ndi a shopu ndipo simudzawatengera kwa wamalonda wina, ndiponso chithunzi cha kasitomala atavala chitenje sichidzaikidwa pa tsamba popanda chilolezo chake. Malawi ali ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, choncho nkhani ya manambala ndi zithunzi za anthu si yoitenga mopepuka.

Chachisanu ndi chitatu, muyeso wa ntchito ndi khomo lotulukira

Musalonjeze kuchuluka kwa malonda, chifukwa mtengo, ubwino wa nsalu ndi ndalama za m'matumba a anthu sizili m'manja mwanu. Lonjezani ntchito yanu ndi lipoti loona. Lipotilo likhale la tsamba limodzi pa mwezi, ndipo likhale ndi manambala atatu: anthu amene analemba uthenga wofunsa, anthu amene anagula mwa iwo, ndi zitenje zimene anagula. Nambala yachiwiri ndi yachitatu sizipezeka pa intaneti, zimapezeka pa kaunta, choncho pemphani kuti pakhale kope limene mtsikana azilembamo wogula aliyense akafunsidwa kuti "Mwamva kuti za chitenjechi?" Kope limeneli liyambe mu Ogasiti, ndipo malonda a sabata iliyonse ya mweziwo alembedwe, kuti mukhale ndi poyambira poyerekeza. Popeza Okutobala amakhala ndi malonda ambiri ngakhale popanda wotsatsa, funsani ngati mayi ali ndi kaundula wa Okutobala wa chaka chatha, kuti musadzitamandire ndi malonda amene akanabwera okha.

Manambala amenewa ndi amene amaonetsa pamene pali vuto. Ngati Facebook ikuonetsa kuti uthenga wafika kwa anthu ambiri koma olemba ndi ochepa, vuto lili pa chithunzi, pa mawu, kapena pa anthu amene mwasankha kuti auone, ndipo limeneli ndi lanu kukonza. Chofala kwambiri ndi kusalemba mtengo, chifukwa anthu ambiri safuna kufunsa mtengo wa chinthu chimene mwina sangakwanitse. Ngati olemba ndi ambiri koma ogula ndi ochepa, tsegulani foni ya shopu ndi kuona nthawi imene inadutsa pakati pa funso ndi yankho. Yankho likamabwera mawa lake, vuto lili pa kaunta. Likamabwera msanga koma anthu n'kungokhala chete akamva mtengo, ndiye kuti mtengowo ukusiyana ndi wa anzawo a pamsika, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mayi. Kuchuluka kwa anthu odina Like sikuuza chilichonse mwa zimenezi, choncho musakuike pamwamba pa lipoti.

Perekani khomo lotulukira. Lembani kuti pa 30 Seputembala mudzakhala pansi ndi kope lija, ndipo ngati mayi sakukhutira akhoza kuimitsa mgwirizano popanda kulipira mwezi wachitatu, tsamba ndi zithunzi n'kutsala m'manja mwawo. Munthu amavomera mosavuta chinthu chimene akudziwa kuti angathe kutulukamo, ndipo inunso mumatetezeka ku ntchito imene sikuyenda.

Chomaliza, mathero a kalata ndi kaperekedwe kake

Ndime yomaliza ipemphe chinthu chimodzi chokha ndipo itchule tsiku.

"Kuti tiyambe pa 1 Ogasiti, ndikufunika yankho lanu pofika pa 25 Julayi. Ndidzafika kushopu Lachinayi likudzali cha m'ma 9 koloko m'mawa kuti ndiyankhe mafunso amene mungakhale nawo, ndipo ngati nthawiyi siyikukomerani, ndiuzeni ina. Mukavomera, tidzasaina makope awiri a kalata ino, lina lanu lina langa. Ndine wanu,"

Pansi pake sainani, lembani dzina lanu lonse, ndipo siyani mzere wa saini ya mayi ndi tsiku, kuti kalata yomweyo ikhale mgwirizano. Yonse isapitirire masamba awiri. Ikatalika kuposa pamenepo, chotsani za mbiri yanu poyamba, ndime ya ndalama ndi ya umwini zisakhudzidwe. Iwerengeni mokweza kamodzi, ndipo paliponse pamene mwapeza liwu limene mayi angafunse tanthauzo lake, lisintheni ndi mawu a pa kaunta. Onaninso kuti manambala a m'ndime ya ndalama akuphatikizana bwino, chifukwa wamalonda akapeza masamu olakwika m'kalata yopempha ndalama, sakhulupiriranso zotsalazo.

Isindikizeni ndi kukaipereka pamanja m'mawa wa tsiku la m'kati mwa sabata, kenako tumizani kope lake pa WhatsApp kuti mayi athe kuonetsa amuna awo, mwana wawo kapena aliyense amene amakambirana naye za ndalama. Musakhale pansi kudikira kuti aiwerenge muli pomwepo. Fikani tsiku limene munalonjeza, pa ola limene munalemba, mutanyamula makope awiri ndi cholembera. Akanena kuti mtengo wakwera, musangoutsitsa ntchito ili yomweyo, koma chotsani gawo lina, monga kujambula kawiri pa mwezi m'malo mwa sabata iliyonse, ndipo muwerengerenso limodzi kuchuluka kwa zitenje zofunika kuti ndalama ibwerere. Zimene mwasintha zilembedwe pa makope onse awiri, ndipo nonse musaine pambali pake musanayambe ntchito.